Pemphani kaye musanayatse kamera

Tiyerekeze kuti komiti ya mjigo pamudzi ikufuna kujambula kanema wosonyeza mmene anthu amasonkhera ndalama zokonzera mjigowo. Mayi amene akutunga madzi akamwetulira poona kamera, sikuti wavomera. Ayenera kufunsidwa, ndipo mawu omufunsira akonzedwe kujambula kusanayambe.

Uthengawo ukhale waufupi, wonena amene akujambula, cholinga chake, kumene kanemayo adzaonetsedwe ndi mmene munthu angakanire. Ungamveke chonchi: "Mayi, ife ndife a komiti ya mjigo. Tikujambula kanema woti tikaonetse pamsonkhano wa mudzi, kenako tidzamuika pa Facebook. Nkhope ndi mawu anu zidzakhalamo, koma palibe malipiro. Muli ndi ufulu wokana. Mukasintha maganizo tisanamutulutse, uzani mlembi wa komiti, tidzakuchotsanimo. Kodi mukuvomera?"

Ambiri amalakwitsa pa nkhani ya kumene kanemayo adzafike. Munthu angalole kuonekera kwa anansi ake, koma osafuna kuti achibale a kuJoni amuone pa foni. Choncho funsani ziwirizi padera. Muuzeninso zoona: kanema akangofala pa WhatsApp, simungamubwezenso.

Wodziwa kulemba asaine papepala. Wosadziwa muwerengereni uthengawo, adinde chala kapena anene yekha pa kamera kuti wavomera. Ngati ndi mwana wosakwana zaka 18, avomereze ndi kholo lake. Chilolezo cha amfumu n'cholowera m'mudzi chabe. Sichiyankhira munthu aliyense payekha. Mukadzafuna kugwiritsa ntchito kanemayo popempha thandizo ku bungwe lina, bwererani mukapemphenso.