Malipiro a pa ola: mwezi si masabata anayi

Amalawi ambiri ogwira ntchito ku Joni, kaya m'nyumba za anthu, m'mashopu kapena m'mafamu, amauzidwa malipiro a pa ola. Koma lendi ndi ndalama yotumiza kumudzi zimafunika pamwezi. Ndiye munthu angadziwe bwanji zomwe akuyenera kulandira mwezi ukatha?

Mu Malichi 2025, boma la South Africa linalamula kuti wantchito asamalipidwe ndalama zochepera R28.79 pa ola. Lamulo la ntchito la kumeneko limati maola a masiku onse asapitirire 45 pa sabata. Tiyerekeze mayi wolipidwa ndalama imeneyi, wogwira ntchito maola 9 patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Tikachulukitsa R28.79 ndi maola 45, tipeza kuti pa sabata amapata R1,295.55.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amangochulukitsa ndalamayi ndi 4, n'kupeza R5,182.20, poganiza kuti mwezi uli ndi masabata anayi. Komatu masabata anayi ndi masiku 28 okha, ndipo ndi Febuluwale yekha amene nthawi zambiri amathera pamenepo. Miyezi ina yonse ili ndi masiku awiri kapena atatu apamwamba, omwe akawunjikana chaka chonse amakwana pafupifupi masabata anayi.

Njira yolondola ndi kuyamba mwapeza za pachaka. Chaka chili ndi masabata 52, choncho R1,295.55 kuchulukitsa ndi 52 ikutipatsa R67,368.60. Tikagawa ndalamayi pa miyezi 12, mayi uja ayenera kulandira R5,614.05 mwezi uliwonse. N'chifukwa chake lamulo lomwelo limawerenga mwezi ngati masabata anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sabata.

Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi R431.85 pamwezi. Bwana akamawerengera masabata anayi, ndiye kuti pachaka akulipira masabata 48 okha, ndipo wantchito wagwira ulere masabata anayi athunthu. Kuti mudziwe ngati simukuberedwa, gawani malipiro anu a pamwezi ndi 195, omwe ndi maola a pamwezi a munthu wa maola 45 pa sabata. Yankho likachepera pa ndalama yomwe munagwirizana pa ola, funsani.

Samalaninso powerenga maola. Kawirikawiri ola la nkhomaliro sililipidwa, kotero amene amalowa 8 koloko n'kuweruka 5 koloko wagwira maola 8, osati 9. Pa sabata ndi maola 40, ndipo pamwezi apeza R4,990.27. Ovataimu nayo imawerengedwa payokha, pamtengo wa ola limodzi ndi theka.

Ndalama zonsezi ndi zomwe sizinadulidwe kanthu. Pa R100 iliyonse amadulapo R1 ya UIF, thumba lothandiza anthu ntchito ikawathera. Kwa mayi uja imeneyi ndi R56.14, ndiye popanga bajeti awerengere R5,557.91.