CV ya wogulitsa malonda: lembani makatoni, osati makwacha okha

Bwana wofuna munthu woti azigulitsa katundu wa kampani amawerenga ma CV ambiri onena zofanana: "ndine wolimbikira ntchito", "ndimadziwa kulankhula ndi anthu". Aliyense akhoza kulemba zimenezi. Ndime yoyamba ija, yofotokoza mwachidule kuti ndinu ndani, iyenera kuonetsa zimene mudachita, ndipo kwa wogulitsa malonda umboni wake ndi manambala.

Tiyerekeze mayi amene amapikulitsa mafuta ophikira m'magolosale a ku Kasungu ndi Mchinji. Kampani idamuikira mlingo wa makatoni 12,000 pa chaka, iye nagulitsa 13,200. Alembe kuti: "Mu 2024 ndidagulitsa makatoni 13,200 pomwe mlingo unali 12,000, kupyola ndi 10 peresenti." Nambala yopanda mlingo pambali pake siuza bwana chilichonse, chifukwa sangadziwe ngati 13,200 ndi yambiri kapena yochepa.

Mwaona kuti mayiyu watchula makatoni. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, mitengo nikwera. Munthu wonena kuti ndalama zimene adalowetsa zidakwera ndi 30 peresenti chaka chotsatira akhoza kukhala kuti adagulitsa katundu wochepa kuposa kale. Bwana wodziwa ntchito amazindikira msanga, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti makatoni anali angati. Choncho makwacha ayendere limodzi ndi kuchuluka kwa katundu.

Pa za makasitomala atsopano, mayiyu anene kuti adapeza masitolo 40 ndipo adawafikitsa pa 58. Asankhepo imodzi yaikulu nkufotokoza mmene adaikopera, mwachitsanzo kuti inkaoda kwina koma iye adalonjeza kubweretsa katundu Lachiwiri lililonse, nkumakwaniritsadi. Dzina la sitoloyo asalitchule popanda chilolezo. Kunena kuti "sitolo yaikulu ya pa boma" nkokwanira.

Chimene ambiri amaiwala, chomwe kwa ine ndicho cholemera kwambiri, ndi makasitomala okhalitsa. Kukopa munthu kamodzi nkosavuta ukamutsitsira mtengo kapena kumupatsa katundu pa ngongole. Koma ngati mwa masitolo 40 oyamba aja 36 akuodabe patatha zaka zitatu, ndiye kuti 9 mwa 10 alionse adakhutira naye. Awonjezere kuti ngongole amabweza pasanathe masiku 30, ngati ndi zoona, pakuti katundu wosalipiridwa sanagulitsidwe. Kampani imaopa wogulitsa wodzaza magolosale ndi katundu kumapeto kwa mwezi kuti mlingo ukwane, kenaka katunduyo nkubwezedwa kapena ndalama osaoneka.

Zimene mudachita ngati gulu muzinene kuti ndi za gulu. Ndipo lembani manambala okhawo amene bwana wanu wakale angawavomereze akaimbiridwa foni.