Batire la galimoto yamagetsi silifuna kugona lokhuta

M'chaka cha 2012, eni galimoto za Nissan Leaf mumzinda wa Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, anayamba kudandaula. Galimotozi zinali zisanathe n'komwe zaka ziwiri pamsewu, pakuti Leaf inayamba kugulitsidwa mu Disembala 2010, koma mabatire ake anali atafooka kale. Pa dashibodi ya Leaf pamakhala timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, ndipo ena mwa eni akewo ankaona timizere tiwiri kapena titatu titazima. Mtunda umene ankayenda akatchaja kamodzi unali utachepa moonekeratu. Kutha kwa chakacho, kampani ya Nissan inalonjeza kuti idzakonza kapena kusintha batire lililonse lotsika kupitirira timizere 9 zisanathe zaka zisanu kapena makilomita pafupifupi 96,000.

Ku Phoenix kumatentha kupitirira madigiri 40 m'chilimwe, ndipo batire la Leaf za nthawiyo linalibe madzi oliziziritsa monga la galimoto zina zambiri. Kutenthako mwini galimoto sangakuletse. Koma kutentha kumawononga kwambiri kukapeza batire lili lodzaza, ndipo apa ndi pamene dalaivala ali ndi mphamvu. Iye ndiye amasankha kuti batire lidzaze kufika pati, ndiponso kuti likhale lodzaza choncho kwa maola angati.

M'kati mwa batire muli maselo ambirimbiri. Potchaja, tizidutswa ta litiyamu timachoka mbali imodzi ya selo n'kukalowa mbali ina yopangidwa ndi girafaiti, chinthu chakuda chija chimalemba mu pensulo. Pamwamba pa girafaitiyo pamamera kakhungu kopyapyala, ndipo kakhunguka kakamakula kamameza litiyamu amene sabwereranso kukagwira ntchito. Kamakula ngakhale galimoto itangoima m'galaja, koma kamakula msanga selo likakhala lodzaza ndi lotentha. M'mabatire okhala ndi nikelo, amene amadziwika ndi zilembo NMC kapena NCA, selo lodzaza limafika pafupifupi mavoliti 4.2, ndipo pamenepo mbali inayo ya selo nayonso imakhala pampanipani. Zili ngati mphira wa legeni: kuukoka n'kuutaya nthawi yomweyo sikuuwononga kwenikweni, koma kuumangirira uli chikokere n'kuusiya padzuwa kumaupha msanga.

N'chifukwa chake makampani ambiri amalangiza kuti pa maulendo a tsiku ndi tsiku batire la nikelo lizilekezera pa 80 peresenti. Mu Tesla munthu amalowa pa "Charging" pa sikirini kapena pafoni n'kukokera malirewo pamene akufuna, kuyambira 50 mpaka 100. Galimoto za ID za Volkswagen zili ndi "Battery Care Mode", imene imaika malire pa 80. Mu Hyundai ndi Kia muli malire awiri osiyana, ena a tchaja ya kunyumba, ena a tchaja yothamanga ya pamsewu, ndipo amene wasintha amodzi asaganize kuti wasintha onse. Nambala 80 si yamatsenga. Munthu amene amayenda makilomita 30 okha patsiku akhoza kutsitsa mpaka 70 kapena 60 ndipo batire likhala bwinoko. Chofunika n'chakuti madzulo asamafike pakhomo batire litatsala pang'ono kutheratu, chifukwa kulisiya kawirikawiri pansi pa 10 kapena 20 peresenti nakonso sikulichitira ubwino.

Koma asanakhudze malirewo, mwini galimoto ayenera kudziwa kaye mtundu wa batire lake, chifukwa langizo la 80 silikhudza onse. Pali mtundu wina wotchedwa LFP, wopangidwa ndi chitsulo ndi fosifeti m'malo mwa nikelo. Umapezeka m'galimoto zambiri za BYD, komanso m'ma Tesla a mtunda wofupikirapo kuyambira cha m'ma 2020 ndi 2021. Batire limeneli limapirira kudzaza kuposa la nikelo, koma lili ndi vuto lakelake. Mphamvu ya selo lake imangokhala pafupifupi mavoliti 3.3 kwa nthawi yaitali, kaya batire lili pa 30 kaya pa 70, motero kompyuta ya galimoto imavutika kudziwa kuti mwatsala magetsi ochuluka bwanji. Imadziwa bwino batire likadzaza mpaka pamapeto. Tesla imalangiza eni mabatire a LFP kuti azitchaja mpaka 100 kamodzi pa sabata, pamene Ford imati kamodzi pa mwezi pa Mustang Mach-E ya batire lotere. Akapanda kutero, chizindikiro chake n'chakuti nambala ya pa dashibodi imayamba kunama: imatha kugwa mwadzidzidzi batire likamatsika, munthu ali pamsewu akuganiza kuti akadali ndi mtunda. Mu Tesla mtundu wa batire umalembedwa pa "Additional Vehicle Information", ndipo m'galimoto zina bukhu la mwini wake ndilo limanena.

Malire paokha amangogwira theka la ntchito. Taganizirani munthu amene amalumikiza galimoto 6 koloko madzulo, batire n'kudzaza pofika 8 koloko, iye n'kunyamuka 6 koloko m'mawa. Batirelo limagona lokhuta maola 10 usiku uliwonse. Pa chaka amenewo ndi maola 3,650, kutanthauza miyezi isanu yathunthu. Akauza galimoto kuti imalize kutchaja nthawi yonyamukira itayandikira, maola onsewo batire limawathera lili pansi, pamene silikalamba msanga. Litapumanso ku kutentha kwa ulendo wamasana, limatchajidwa m'bandakucha kunja kukuzizira. Ku Britain, kumene makampani ena amagulitsa magetsi motchipa pakati pa usiku, ndondomeko yomweyi imapulumutsanso ndalama, ndipo m'nyengo yachisanu batire limene langomaliza kutchaja limanyamuka lofunda.

Leaf ndiyo imaphunzitsa bwino nkhaniyi, chifukwa zambiri mwa izo zilibe malire oti munthu n'kuika. Zoyambirira zinali ndi mwayi wolekezera pa 80. Koma mu 2013 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, linawerengera mtunda wa Leaf potenga pakati pa makilomita 135 a batire lodzaza ndi 106 a batire la pa 80, n'kulemba makilomita 121. Chaka chotsatira Nissan inachotsa malire aja ku America, ndipo nambala yotsatsira malonda inakwera kufika pa 135. Kunali kutaya chinthu chothandiza batire pofuna nambala yokongola. Leaf ya batire la mayunitsi 40, imene inatuluka cha m'ma 2018, inabweranso yopanda malirewo, ndipo galimoto zimenezi n'zimene zadzaza pamsika wa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan.

Chimene chilipo mu Leaf ndi "Charging Timer", wotchi imene munthu amaiuza nthawi yoyamba ndi yosiya kutchaja. Ndi masamu pang'ono, wotchiyi imasanduka malire.

Titenge Leaf ya mayunitsi 40 imene yazima kamzere kamodzi. Kamzere koyamba kamazima thanzi la batire likatsika kufika cha pa 85 peresenti, choncho batireli tsopano limasunga mayunitsi pafupifupi 33. Yunitsi yake ndi yomweyi imene anthu amagula ya mita ya kunyumba. Mwini wake amayenda makilomita 70 patsiku, ndipo pa mlingo wa mayunitsi 15 pa makilomita 100 amadya mayunitsi 10 ndi theka, amene ndi 32 peresenti ya batire lake. Akanyamuka pa 80, amabwera pa 48. Kunyumba amatchaja ndi chingwe cha pa soketi wamba, chokoka maampu 10 pa mavoliti 230. Amenewo ndi mayunitsi 2.3 pa ola, koma ofika m'batire ndi awiri okha, enawo amatayika ngati kutentha. Mayunitsi awiri mwa 33 ndi 6 peresenti pa ola, motero kuti abweze 32 peresenti ija akufunika maola asanu ndi mphindi 20. Ngati amanyamuka 6:30 m'mawa, aike wotchi kuti iyambe 1 koloko usiku n'kusiya 6:20.

Masamuwa ndi poyambira chabe. Usiku woyamba alembe nambala ya pa dashibodi asanagone ndi ya m'mawa, agawe kusiyana kwake ndi maola, ndipo adziwa liwiro lenileni la chingwe chake. Ayeneranso kukumbukira kuti wotchiyo siona kuti batire lili pati. Tsiku limene wayenda pang'ono n'kubwera pa 62, maola omwe aja amufikitsa pa 94. Usiku wotere ndi bwino osalumikiza n'komwe, popeza 62 imakwanira ulendo wa mawa n'kumubweza pakhomo ali pa 30. Soketi yonyamula maampu 10 kwa maola asanu iyenera kukhala yolimba, yopanda chingwe chowonjezera, ndipo ikamatentha poikhudza aitane wa zamagetsi asanatchajenso.

Zolakwika zambiri pa ndondomekozi n'zazing'ono koma zokwiyitsa. Galimoto yochokera ku Japan imatha kufika wotchi yake ikadali pa nthawi ya kumeneko, imene ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya ku Malawi ndi Zambia. Munthu akaika 1 koloko usiku, galimoto imayamba kutchaja 6 koloko madzulo, ndipo chizindikiro chake n'chakuti imayamba atangoilumikiza. Vuto lina limabwera pamene tchaja ya pakhoma ili ndi ndondomeko yake, galimoto nayonso ili ndi yake: ina ikatsegula inzake ili yotseka, m'mawa batire limapezeka momwe linagonera. Ndondomeko iikidwe malo amodzi basi. Kumene magetsi amazimazima, kudikira mpaka m'bandakucha kumatha kusiya munthu pansi. Kumeneko nzeru ndi kuyamba msanga n'kudalira malire, chifukwa batire logona pa 80 kwa maola angapo silivulala ngati logona pa 100.

Kudzaza mpaka 100 pa ulendo wautali si mlandu, ndipo kuchita zimenezi mwa apo ndi apo kumathandiza kompyuta kulinganiza maselo kuti ena asatsalire. Chongofunika n'chakuti kudzazako kuthe pafupi ndi nthawi yonyamuka, osati dzulo lake masana. Dalaivala adzaona kuti pa makilomita oyambirira galimoto siidzigwira yokha akachotsa phazi pa moto monga imachitira masiku onse, chifukwa batire lodzaza lilibe malo olandirira magetsi obwerera, ndiye apondeko mabuleki msanga. Galimoto imene ikhale osayenda kwa milungu ingapo isiyidwe cha pa 50 peresenti, pamthunzi. Ngati ili ndi malire, aikidwe pa 50 kapena 60 chingwe chili cholumikiza. Leaf yopanda malire isiyidwe yosalumikiza, chifukwa ikalumikizidwa idzadzaza yokha n'kukhala choncho mpaka mwini wake abwere.