Kalata yotsegulira macheza: kupitiriza ntchito pa ChatGPT osayambiranso poyambirira

Amene amagwira ntchito yaitali ndi mapulogalamu ngati ChatGPT, Claude kapena Gemini amalidziwa bwino vuto ili. Sabata yatha munamvana zonse: kalembedwe, mawu oti asagwiritsidwe ntchito, mitu yomwe yatha ndi yomwe yatsala. Lero mwadina `New chat`, mwalemba kuti tipitirize pomwe tinalekezera, ndipo zomwe zatuluka n'zosiyana kotheratu ndi zomwe munagwirizana. Chilankhulo chasintha, ziwerengero n'zina, ndipo mawu omwe munawakana aja abweranso.

Pulogalamuyo sinaonongeke ayi. Ndi mmene inapangidwira. Nthawi iliyonse mukatumiza uthenga, imawerenga macheza onse a patsambalo kuyambira pamwamba, kenako n'kuyankha. Chikumbumtima chake chachikulu ndi tsambalo. Mukatsegula tsamba latsopano, zimakhala ngati mwalemba mmisiri wina pa nyumba yomwe yafika pamawindo: luso ali nalo, koma sakudziwa kuti khomo munagwirizana kuti liyang'ane kuti.

Wina anganene kuti ndiye tingokhala patsamba limodzi mpaka ntchito ithe. Izi nazo zili ndi malire. Pulogalamu iliyonse ili ndi mlingo wa mawu omwe ingawerenge pa nthawi imodzi, ndipo mlingowu amauwerengera m'tizidutswa ta mawu totchedwa matokeni. Liwu lachingerezi lodziwika nthawi zambiri limakhala tokeni imodzi, pomwe liwu lathu ngati "sindinakuuzeni" limaduladulidwa m'tizidutswa tingapo, choncho olemba m'Chichewa timadzaza tsamba msanga kuposa anzathu. Macheza akatalika kwambiri, zakumayambiriro zimatha kudulidwa kapena kufupikitsidwa inu osadziwa. Ndipo ngakhale mlingo usanakwane, kafukufuku wa mu 2023 wa akatswiri ena a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti mapulogalamuwa amagwira bwino zomwe zili koyambirira ndi kumapeto kwa nkhani yaitali, koma zapakati amaziphonya kawirikawiri. Lamulo lomwe munapereka Lachiwiri pakati pa macheza a sabata yonse lili pamalo oipitsitsa.

Zizindikiro zoti tsamba latopa sizivuta kuona. Pulogalamu imayamba kubweretsanso chiwerengero chomwe munachisintha kale, imabwereza ndime yomwe inalemba dzana, kapena imaphwanya lamulo lomwe inkalitsata bwinobwino poyamba. Apa kukalipa sikuthandiza. Chofunika n'kutsegula tsamba latsopano ndi kalata yokonzedwa bwino, yomwe mumaimata ngati uthenga woyamba.

Tiyerekeze kuti mlembi wa gulu la banki mkhonde akulemba kabuku ka malamulo a gulu lawo. Ntchitoyi ikutenga masabata angapo chifukwa mutu uliwonse uyenera kukawerengedwa pamsonkhano, anthu n'kuuvomereza kapena kuukonza. Mitu itatu yatha, wachinayi wangoyambika. Kalata yake ikhoza kuoneka chonchi:

```
NTCHITO: Kabuku ka malamulo a banki mkhonde, mamembala 25, mitu 6.
OWERENGA: Mamembala. Kadzawerengedwa mokweza pamsonkhano.
MALAMULO: Chichewa chokha. Owerenga atchulidwe "inu".
Ndalama zilembedwe chonchi: K2,000. Usapeke chiwerengero, funsa.
KALEMBEDWE: Tsanzira ndime iyi: [matani ndime yovomerezedwa]
ZOGWIRIZANA: Sheya ndi K2,000, masheya 1 mpaka 5 pa sabata.
Ngongole isapose katatu masheya a munthu.
Chiwongoladzanja 10% pa mwezi.
ZOKANIDWA: 20% (inachulutsa olephera kubweza). Kulanda katundu.
POMWE TAFIKA: Mitu 1-3 yatha, isasinthidwe. Mutu 4 wayambika.
LERO: Maliza mutu 4, wa zilango za ochedwa kubweza.
Usanalembe, bwereza malamulowa ndipo funsa chomwe sichikumveka.
```

Mizere yoyambirira siifuna kufotokoza kwambiri. Chokhacho choti muone n'chakuti mlembiyu wanena kuti kabukuka kadzawerengedwa mokweza. Mawu ochepawo amasintha zambiri, chifukwa nkhani yomvera ndi khutu imafuna ziganizo zazifupi ndiponso sifuna matebulo.

Pa kalembedwe ndi pomwe ambiri amataya nthawi. Amalemba kuti "lemba mwaulemu, momveka bwino, mwaubwenzi" n'kumadabwa kuti zatuluka ngati kalata ya kuofesi ya boma. Mawu ngati amenewo ndi otambalala kwambiri, pulogalamu imawamasulira mmene yafunira. Chomwe chimagwira ntchito ndi chitsanzo. Tengani ndime imodzi kapena ziwiri za mutu womwe gulu linauvomereza, muzimate mmene zilili. Mu ndime imodzi yokha muli zinthu zambiri zomwe simukanatha kuzifotokoza: kutalika kwa ziganizo, ngati mumalemba "membala" kapena "mnzathu", ngati lamulo limayamba ndi "aliyense ayenera" kapena "tonse tagwirizana kuti". Pa Chichewa chitsanzo n'chofunika koposa, poti mapulogalamuwa anaphunzira pa zolemba zochepa za chilankhulo chathu, ndipo akasiyidwa okha amatulutsa Chichewa chomveka ngati chomasuliridwa. Sankhani ndime yomwe munaikonza ndi dzanja lanu, osati yomwe pulogalamu inalemba inu n'kungoilandira, apo ayi mudzakhala mukuiphunzitsa zolakwa zake zomwe.

Gawo lomwe ine ndimaliona lofunika kuposa onse ndi la zokanidwa, ndipo ndi lomwe anthu ambiri amalisiya. Munthu akamalemba za pomwe ntchito yafika amangotchula zomwe zinavomerezedwa. Koma pulogalamu yomwe inapereka ganizo lolanda katundu wa wolephera kubweza sabata yatha idzaperekanso ganizo lomwelo lero, chifukwa chomwe chinaichititsa kutero sichinasinthe, ndipo sikudziwa kuti gulu linakana. Mlembi wathuyu akapanda kulemba mzere umenewo, mutu wa zilango udzatuluka uli ndi ndime yolanda mbuzi ndi njinga, iye n'kuyambanso kukonza zomwe anakonza kale.

Onaninso kuti pa 20% waikapo chifukwa chake mwachidule. Chifukwacho chimathandiza pa zinthu zomwe lamulo silinatchule. Pulogalamu ikadziwa kuti gululi linatsitsa chiwongoladzanja poopa kulemetsa anthu, mpata woti ipereke chindapusa chokhwima pa wochedwa sabata imodzi umachepa. Lamulo lopanda chifukwa limangogwira pamalo pomwe lalembedwa.

Mzere wa pomwe tafika uli ndi msampha umodzi. Kunena kuti mitu itatu yatha sikutanthauza kuti pulogalamu yaiona mituyo. Ngati mutu wachinayi ukutchula lamulo la m'mutu wachitatu, matani mutu wachitatuwo pansi pa kalata kapena muutumize ngati fayilo. Mukapanda kutero, pulogalamu ikhoza kungopeka zomwe ikuganiza kuti zinali mmenemo, ndipo imapeka molimba mtima, n'kulemba kuti "monga mwa lamulo 7" pomwe lamulo 7 likunena za thumba la zadzidzidzi. Koma musamate zonse. Mutu woyamba, wa dzina la gulu ndi tsiku la msonkhano, ulibe gawo pa zilango, usiyeni.

Mzere womaliza, wouza pulogalamu kuti ibwereze malamulo isanalembe, ndi mayeso anu. Werengani zomwe yabwereza mofatsa. Ikatchula chiwongoladzanja cha 20%, ndiye kuti kalata yanu inasokoneza zogwirizana ndi zokanidwa, ndipo ndi bwino kukonza pomwepo kusiyana n'kuzindikira ndime zisanu zitalembedwa. Dziwani komabe kuti kubwereza molondola si umboni woti itsatira zonse. Ndime yoyamba ya ntchito yeniyeni muiyerekeze ndi chitsanzo chanu chija musanailole kupitirira.

Nanga kalatayi alembe ndani? Njira yachidule n'kuuza pulogalamu, musanatseke tsamba lakale, kuti ifupikitse zomwe mwagwirizana motsatira mitu ya kalatayo. Izi zimapulumutsa nthawi, koma zomwe yatulutsa ndi poyambira chabe. Kumbukirani kuti mukuchoka patsambalo chifukwa pulogalamu yayamba kuiwala, ndiye chidule chake chikhoza kukhala ndi zoiwala zomwezo. Ziwerengero zonse muzifanizire ndi buku la gulu. Ndipo ndi bwino kuchita izi tsamba lisanatope, pamapeto pa mutu uliwonse.

Kalata yakale ndi yoopsa kuposa kusowa kalata. Tinene kuti pamsonkhano wa Loweruka gulu lakweza sheya kufika pa K3,000, mlembi n'kuiwala kusintha mzere uja. Pulogalamu idzalemba K2,000 mu mitu yonse yotsala, ndipo idzakhala ikumvera bwino lomwe. Choncho pamwamba pa kalata muzilemba deti, ndipo mukasintha chinthu muzifufuta chakalecho m'malo moonjezera mzere wina pansi. Kalata yomwe pamwamba ikunena zina, pansi zina, imasiya pulogalamu kuti isankhe yokha. Utali wake usapitirire tsamba limodzi, kupatula zitsanzo ndi mitu yomatidwa. Ikayamba kutupa, funsani pa mzere uliwonse kuti ndikauchotsa, chilakwike n'chiyani?

Makampani opanga mapulogalamuwa ayesa kuchepetsa vutoli. ChatGPT ili ndi `Custom instructions` kuyambira mu 2023, pomwe mumalemba malangizo ogwira pa macheza onse, komanso `Memory` yomwe imasunga zina zokhudza inu. Mu 2024 Claude ndi ChatGPT anabweretsa `Projects`, malo omwe mumasungamo malangizo ndi mafayilo a ntchito imodzi, ndipo Gemini ili ndi `Gems`. Ngati muli nazo, malamulo ndi chitsanzo cha kalembedwe muziike mmenemo chifukwa sizisinthasintha. Koma malangizo a macheza onse amalowerera paliponse: lamulo loti Chichewa chokha lidzakutsatirani ngakhale tsiku lomwe mukulemba kalata yofunsira ntchito m'Chingerezi. `Memory` nayo imasankha yokha zoti isunge, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingadziwe zomwe gulu lagwirizana pansi pa mtengo Loweruka ngati simunaiuze. Mizere ya zogwirizana, zokanidwa ndi pomwe mwafika ndi yanu kuisamala. Kalata yosungidwa m'foni mwanu ilinso ndi phindu lina: mukafika pa malire a mauthenga aulere pa pulogalamu ina, mumaimata pa ina n'kupitiriza.

Chenjezo limodzi kwa alembi a magulu. Zomwe mwamata zimapita pa makompyuta a kampani, choncho maina a mamembala, manambala a foni ndi ngongole za anthu zisalowe m'kalatayi. Pofuna chitsanzo, lembani kuti "membala wina anakongola K30,000", zimakwanira.

Ngati muli ndi ntchito yomwe ili pakati, musadikire kuti tsamba liyambe kusokoneza. Tsegulani polembera m'foni mwanu lero, lembani mitu ya kalatayi, ndipo yambani ndi mzere wa zokanidwa mukadakumbukira zifukwa zake.