Kutapa mawu m'buku pokonzekera mayeso a zolembedwa

Mayeso a fomu 4 akamayandikira, ophunzira ambiri amagula kope latsopano n'kuyamba kukoperamo mawu a m'mabuku omwe awerenga m'kalasi. Ndaonapo makope otere ambirimbiri. Lina linali ndi masamba khumi ndi awiri odzaza ndi zoyankhula za atengambali a m'sewero la Macbeth, zolembedwa mwaluso, mizere yofiira kunsi kwake. Nditafunsa mwini wake kuti mawu a pa tsamba lachitatu anayankhula ndani, ndipo ankauza yani, anakhala chete. Anali atawaloweza onse, koma osadziwa kuti adzawagwiritsa ntchito yanji.

Zimandimvetsa chisoni chifukwa mwanayo sanali waulesi. Kungoti palibe anamuuza kuti mawu otapa m'buku ali ngati mboni pa bwalo la milandu. Mboni imabwera kudzaikira kumbuyo mfundo yomwe wanena kale. Wochonga mayeso buku amalidziwa. Chomwe akufuna kuona n'chakuti iwe ukati mtengambali uyu ndi wouma mtima, umboni wake uli nawo.

Tiyeni tione m'mene kope lothandiza limalembedwera, potengera sewero lomweli la William Shakespeare, lomwe lakhala likuwerengedwa pa MSCE.

M'gawo 2, kagawo 2, Macbeth wangopha kumene mfumu Duncan, mlendo wake, m'nyumba mwake momwe. Akutuluka manja ali magazi okhaokha, ndipo akawayang'ana akuona kuti ngakhale nyanja yonse singawayeretse. Mkazi wake alibe nazo nthawi zimenezo. Akumulanda mipeni, kukaisiya pafupi ndi alonda omwe agona, kubwerako n'kumutsimikizira kuti timadzi pang'ono tikwanira kuchotsa mlandu wonse. Chiganizo cha mayiyu n'chachifupi kwambiri, ndipo n'choyenera kulowa m'kope. Tsegulani buku, muchipeze, muchikopere liwu ndi liwu.

Kunsi kwake mulembe zinthu zinayi, chilichonse mzere umodzi. Choyamba, wayankhula ndani ndipo akuuza yani: Lady Macbeth, kwa mwamuna wake. Chachiwiri, ndi liti: usiku wa kuphedwa kwa Duncan, anthu asanadziwe. Chachitatu ndicho ambiri amadumpha, pomwe ndipo pagona malikisi: pa mawu onsewo, ndi liwu liti lomwe lasenza katundu? Apa ndi liwu lija losonyeza kuchepa kwa madzi. Munthu wochepetsa madzi osambira magazi a mfumu akuchepetsanso kukula kwa tchimo. Chachinayi, izi zikuonetsa chiyani: mayiyu akuganiza kuti mlandu uli pa khungu pokha, mumtima mulibe.

Tsopano pitani ku gawo 5, kagawo 1. Mayi yemwe uja akuyenda ali m'tulo, nyali ili m'manja, dokotala ndi mayi womutumikira akumuonerera. Akupukusa manja ngati akusamba, ndipo womutumikirayo akuti nthawi zina amatero kwa mphindi 15. Akulimbana ndi banga lomwe ena sakuliona, akudandaula fungo la magazi lomwe palibe mafuta onunkhira angalithetse. Tapani mawu atatu kapena anayi pamenepa, muwalembe pa tsamba lomwelo, moyang'anizana ndi oyamba aja.

Ine ndimakonda mawu oyenda awiriawiri chonchi kuposa oyenda okha. Mawu amodzi amangokuuza kuti munthu anali wotani tsiku lakutilakuti. Awiri, ena a kumayambiriro ena a kumapeto, amaonetsa kusintha, ndipo mafunso ambiri a zimangirizo amazungulira pa kusintha komweku. Taonani ntchito yomwe timawu tiwiri timeneti tingagwire. Akafunsa za khalidwe la Lady Macbeth, tilipo. Akafunsa za chikumbumtima, tilipo. Akafunsa m'mene mlembi wagwiritsira ntchito magazi ngati chizindikiro, kapena m'mene banjali linasinthanirana malo, mwamuna kuuma mtima pomwe mkazi akusweka, ndi tomweti. Pofuna kulimbitsa mfundo yotsirizayi, onjezani mawu a Macbeth a m'gawo 3, kagawo 4, phwando litasokonezeka ndi mzukwa wa Banquo, pomwe akudziona ngati munthu yemwe walowa kale pakati pa mtsinje wa magazi, kotero kuti kubwerera n'kovuta chimodzimodzi ndi kuwoloka. Ndiye musanalembe mawu m'kope, dzifunseni kuti angayankhe mafunso angati. Ngati ndi limodzi lokha, asiyeni m'buku momwemo.

Pa buku limodzi, ine ndimalangiza mawu khumi ndi awiri kapena khumi ndi asanu, aliwonse osapitirira mzere umodzi. Mawu ataliatali amaiwalika pakati, ndipo m'chipinda cha mayeso amadya nthawi yomwe ukanafotokozera tanthauzo lake. Njira yake ndi yomweyi pa The Pearl ya John Steinbeck, poika pambali m'mene Kino akuionera ngale atangoipeza ndi m'mene akuionera asanaiponye m'nyanja, mwana wake Coyotito atamwalira. Pa Nthondo ya Samuel Josiah Nthara, mungafanizire mnyamata wakuba uja ndi munthu yemwe anadzatembenuka mtima atakula.

Zolakwika zomwe zimabwerabwera ndi zitatu. China ndi kupatsa mawu mwini wolakwika. Mu Macbeth muli msampha weniweni: mawu oyamba omwe Macbeth akuyankhula m'gawo 1, kagawo 3, akufanana ndi omwe afiti anena pamodzi potseka kagawo koyamba. Shakespeare anachita dala, kuti tione kuti mtima wa munthuyu ukuyimba kale nyimbo ya afiti asanakumane nawo n'komwe. Wophunzira woloweza osalemba woyankhula amasakaniza ziwirizi, ndipo mfundo yokoma chotere imasanduka cholakwa.

China ndi kukopera ku pamfuleti kapena ku notsi za mnzako osatsegula buku. Liwu limodzi likasokonekera m'kope loyamba, limayenda kalasi yonse. Mawu aliwonse ayenera kutsimikizidwa ndi buku lenileni, ndipo nambala ya tsamba ilembedwe pambali kuti mudzabwererepo.

Chachitatu chimaonekera poyankha. Wophunzira amaika mawu m'mitengero, kenaka n'kuyamba kusimba nkhani yonse kuchokera pomwe afiti anaonekera. Mungadzigwire nokha mosavuta: werengani chiganizo chotsatira mawu mwatapawo. Chikayamba ndi "kenaka" kapena "pambuyo pake", mwayamba nthano. Chikayamba ndi "izi zikuonetsa kuti", mukadali pa funso. Ndime yabwino imanena mfundo, imabweretsa mawu aja mkati mwa chiganizo chanu, n'kufotokoza liwu lolemera lija m'ziganizo ziwiri kapena zitatu.

Nanga mawu akathawa m'mutu mayeso ali mkati? Musapeke anu n'kuwaveka mitengero. Fotokozani m'mawu anu zomwe mtengambaliyo ananena, ndi pomwe ananenera. Umboni wotere ndi wovomerezeka, ndipo umaposa mawu opotoka oikidwa m'kamwa mwa mlembi.

Poyeserera, pindani tsamba pakati kuti mawu abisike, mutsale ndi mizere inayi ija. Werengani woyankhula ndi nthawi yake, mulembe mawuwo pa pepala lina, kenaka tambasulani muone ngati mwalondola. Mawa lake tembenuzani: bisani mizere inayi, muyang'ane mawu okha, munene yemwe anawayankhula ndi chomwe akuonetsa. Omwe akukanani masiku atatu otsatizana, afupikitseni mpaka patsale liwu lolemera lija ndi anzake awiri oyandikana nalo.