Chambo cha magalamu 500 chimapereka zomanga thupi zochuluka bwanji?

Matebulo a zakudya amene akatswiri a kadyedwe amagwiritsa ntchito amati magalamu 100 a nsomba yaiwisi ali ndi magalamu pafupifupi 19 a zomanga thupi, zomwe ena amati mapuloteni. Chomwe ambiri sazindikira n'chakuti nambala imeneyi ndi ya mnofu wokhawokha. Sikelo ya pamsika imayeza zonse: mutu, mamba, zipsepse, matumbo ndi minga.

Tiyerekeze kuti mwagula chambo chathunthu cholemera magalamu 500 kuti chikhale ndiwo ya anthu asanu. Mukawerengera mwachangu, mupeza magalamu 95 a zomanga thupi, kutanthauza 19 pa munthu aliyense. Koma nsombayo mukaipala mamba, kuitumbula ndi kudula zipsepse, yayamba kale kupepuka, ndipo mukamaliza kudya pambale pamatsala minga ndi mafupa a mutu. Pa chambo chathunthu, gawo lodyeka limakhala pafupifupi theka la kulemera kwake. Kuno kwathu timadya khungu komanso timatolatola mnofu wa kumutu, ndiye gawoli limakulako poyerekeza ndi la mafakitale odula mnofu wopanda minga, amene amapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nsomba yamtunduwu.

Tikatenga theka, mnofu wa chambo chija ndi magalamu 250. Pa magalamu 100 aliwonse pali 19, choncho nsomba yonse ili ndi magalamu pafupifupi 48 a zomanga thupi. Pogawana anthu asanu, aliyense sakwanitsa ngakhale magalamu 10. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 50 patsiku, ndiye nthuli ija yamupatsa gawo limodzi mwa magawo asanu basi. Zotsalazo ziyenera kuchokera ku nsima, nyemba, mtedza, mazira kapena mkaka. Ndipo kawirikawiri kagawidwe pakhomo sikakhala kofanana: mwana amene wapatsidwa kamchira ndi msuzi amapeza zochepa kuposa pamenepa.

Usipa wouma ndi wosiyana. Umadyedwa wonse, mutu ndi minga yomwe, choncho palibe chochotsera. Popeza madzi anauma, zoposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi. Magalamu 100 a usipa wouma angafanane ndi chambo chonse chija, kapena kuchiposa kumene, ndipo minga yake imawonjezera kashiamu wolimbitsa mafupa. Amene amadula mitu asanaphike amataya gawo la phindu limeneli.

Pa nkhuku nkhani imadalira chiwalo chomwe chakugwerani. Nkhuku yosadzulidwa ndi yotumbulidwa kale, monga za m'sitolo, mafupa ake amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Yolemera makilogalamu 1.5 imapereka mnofu ndi khungu zokwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Chidale chili ndi fupa lochepa, ndipo pafupifupi 80 peresenti imadyeka. Mwendo uli pafupi ndi magawo awiri mwa atatu. Phiko ndi lonyenga: pafupifupi theka lake ndi fupa, ndipo chotsalacho chimakhala ndi khungu lambiri, lomwe lili ndi mafuta ochuluka kuposa zomanga thupi. Ngati mumataya khungu, gawo lodyeka la nkhuku yonse limatsika kufika pafupifupi theka. Mukagula yamoyo, kumbukiraninso kuti nthenga, magazi ndi matumbo zimachoka musanayambe n'komwe kuwerenga mafupa.

Msampha wina ndi kusakaniza nambala za zaziwisi ndi za zophika. Nyama ikapsa imataya madzi n'kupepuka, koma zomanga thupi zimatsalamo pafupifupi zonse. Ndi chifukwa chake magalamu 100 a nkhuku yaiwisi ali ndi pafupifupi 19, pomwe magalamu 100 a yophika ali ndi 25 kapena kupitirirapo. Mukayeza yaiwisi, gwiritsani ntchito nambala ya yaiwisi. Mukayeza yophika, ya yophika.

Kwa amene ali ndi sikelo ya kukhitchini, makamaka odwala impso amene anauzidwa kuchipatala mlingo wa zomanga thupi woti asapitirire, njira yodalirika ndi kuyeza kawiri. Ikani nthuli yophika pasikelo musanadye, popanda msuzi. Mukatha, yezani mafupa ndi zonse zomwe mwasiya, n'kuchotsera. Mwachitsanzo, mwendo ndi ntchafu zikalemera magalamu 180 ndipo zotsala n'kukhala 60, mwadya magalamu 120. Pa mlingo wa 25 pa 100, amenewo ndi magalamu 30 a zomanga thupi, osati 45 amene mukanapeza mutawerengera ndi mafupa omwe. Mukachita zimenezi kawiri kapena katatu pa nthuli zomwe mumadya kawirikawiri, mudzatha kuyerekeza ndi maso popanda kuyezanso.