Msonkho wa chuma cha masiye ku Joni: boma limadula pa zimene zatsala

Munthu amene anakhazikika ku Joni akamwalira, abale kumudzi amayamba kuwerenga katundu maliro asanafike n'komwe: nyumba ija, magalimoto aja, ndalama za kubanki. Kenaka pamabuka mphekesera yakuti boma la kumeneko limatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chonsecho. Mphekeserayi ili ndi kachoonadi, koma yasokoneza anthu ambiri. Msonkho wa chuma cha masiye ku South Africa ulipodi, pansi pa lamulo la m'chaka cha 1955, ndipo ndi 20 peresenti. Chimene mphekesera imasiya n'chakuti msonkhowo suwerengeredwa pa chuma chonse. Amayamba achotsa ngongole ndi zina zimene lamulo limalola, n'kuchotsanso R3.5 miliyoni imene silipiritsidwa msonkho, ndiye pa zotsalazo m'pamene boma limadula gawo lake. N'chifukwa chake mabanja ambiri salipira ngakhale randi imodzi.

Koma kwa amene ali ndi kenakake, kusiyana kwa kulipira zambiri ndi kusalipira konse kumagona pa mapepala ochepa chabe.

Choyamba chimene bungwe lotolera misonkho la SARS limafuna kudziwa si pasipoti ya malemu, koma kumene iwo ankakhala monga kwawo kwenikweni. Munthu amene anakhazikika ku South Africa, chuma chake chonse chimawerengedwa, ngakhale chimene chili kunja kwa dzikolo. Amene ankangopitako pa geni n'kumabwerera, amangomuwerengera katundu amene ali m'dzikolo basi. Kwa Amalawi nkhani yagona apa, chifukwa ndi ochepa amene amagwira ntchito ku Joni zaka zambiri osamanga kanthu kumudzi.

Tiyerekeze ndi bambo wina amene wakhala ku Johannesburg zaka makumi atatu akuyendetsa bizinesi yonyamula katundu. Pa tsiku limene wamwalira, nyumba yake ya kumeneko ingagulitsidwe R2,800,000. Malole awiri ndi zipangizo za bizinesi ndi za R1,900,000. Kubanki kuli R300,000. Ku Lilongwe anamanga nyumba ndi ndalama za ku Joni, ndipo mtengo wake poisinthira ku randi ndi R600,000. Mitengo yonseyi ndi ya pamsika pa tsiku la imfa, osati imene anagulira kalekale. Zonse pamodzi zakwana R5,600,000.

Pali chinthu chinanso chimene abale sachiyembekezera. Bamboyu anali ndi inshuwalansi ya moyo ya R1,000,000, ndipo analembetsa kuti ana ake ndiwo adzalandire. Kampani ya inshuwalansi imapereka ndalamazo kwa anawo mwachindunji, sizidutsa m'manja mwa woyendetsa chuma cha masiye. Komabe lamulo limaziwerenga ngati chuma cha malemu pa nkhani ya msonkho. Choncho chiwerengero chathu chafika pa R6,600,000. Ndalama za penshoni zochokera ku thumba lovomerezeka ndi boma nthawi zambiri sizilowa m'chiwerengerochi, ndiye tizisiye pambali.

Tsopano kuchotsera. Nyumba ya ku Johannesburg inali isanathe kulipiridwa, banki ikufunabe R700,000. Pa malole patsala ngongole ya R400,000. Msonkho wa malemu umene unali usanalipidwe, kuphatikizapo wa phindu limene katundu wapanga chigulireni, tiuike pa R100,000, pakuti nawonso ndi ngongole. Maliro ndi mwala wa pamanda zadya R60,000. Palinso ndalama zoyendetsera chumacho: woyendetsa amaloledwa kulandira mpaka 3.5 peresenti ya katundu amene wadutsa m'manja mwake, ndipo tikaonjezapo msonkho wa pa malipirowo, zolengeza m'nyuzipepala ndi zolipira ku ofesi ya boma, tingoti R240,000. Zochotsa zonse zakwana R1,500,000, kutsala R5,100,000.

Pamenepa m'pamene amachotsa R3.5 miliyoni ija. Zatsala ndi R1,600,000, ndipo 20 peresenti yake ndi R320,000. Pa chuma chimene abale ankachiwerenga kuti ndi cha R6.6 miliyoni, msonkho sunafike ngakhale 5 peresenti. Mlingo wokwera wa 25 peresenti, umene unayamba mu 2018, umakhudza gawo lokhalo limene lapitirira R30 miliyoni, ndiye kwa ambiri a ife ndi nkhani yongomva.

Ndiyenera kunenapo pano kuti R3.5 miliyoni ija inakhazikitsidwa mu 2007, ndipo yakhala zaka zambiri osasuntha pamene mitengo ya nyumba ikukwera chaka ndi chaka. Msonkho umene unali wa anthu olemera wakhala ukutsikira pang'onopang'ono kwa munthu wa nyumba imodzi, inshuwalansi ndi kabizinesi. Boma silinakweze msonkho pa iwowa, langokhala chete, mitengo n'kumaligwirira ntchito.

Chimene chimasinthiratu masamuwa ndi ukwati. Chilichonse chimene malemu asiyira mkazi kapena mwamuna wawo chimachotsedwa chonse, popanda malire. Bambo wathu uja akanalemba mu wilo kuti nyumba ya ku Johannesburg ipite kwa mkazi wake, ngakhale titachotsapo ngongole ya banki n'kuwerenga R2,100,000 yokha, chuma chikanatsika kufika pa R3,000,000. Imeneyo siifika pa R3.5 miliyoni, ndiye msonkho palibe. Kunena zoona, boma silinakhululuke, langodikira: mayiyo akadzamwalira, nyumbayo idzawerengedwa m'chuma chawo. Koma kuyambira mu 2010 lamulo limalola kuti gawo la R3.5 miliyoni limene woyamba kumwalira sanaligwiritse ntchito lisamukire kwa wotsalayo. Ngati woyambayo anasiyira mnzake zonse, wachiwiri amakhala ndi R7 miliyoni yosalipiritsidwa msonkho. Kuti zimenezi zitheke, pamafunika kuonetsa mapepala a chuma cha woyamba uja, ndipo mapepala otere ndi amene amasowa pakapita zaka khumi.

Mtundu wa ukwati nawonso uli ndi mbali yake. Amene anakwatirana mwa lamulo lakuti chuma chonse n'cha onse awiri, theka lokha ndilo la malemu, theka linalo ndi la wotsalayo kale ndipo si cholowa. Ukwati wa mwambo umavomerezedwa, koma woyendetsa chuma adzafuna umboni. Mayi amene anatsala ku Mzimba kapena ku Mangochi, amene ukwati wake ankhoswe okha ndiwo akuudziwa, akhoza kuvutika kutsimikiza kuti ndi mkazi wa malemu, makamaka ngati ku Joni kuli mayi wina amene ali ndi setifiketi m'manja. Pamenepo nkhani siikhalanso ya msonkho wokha.

Tibwerere ku nyumba ya ku Lilongwe. Inalowa m'chiwerengero chifukwa inamangidwa bamboyu atakhazikika kale ku South Africa. Akanakhala kuti anaigula asanasamuke, kapena anailandira ngati cholowa kuchokera kwa makolo ake okhala ku Malawi, lamulo likanalola kuti ichotsedwe. Choncho chaka cholembedwa pa chikalata cha malo chikhoza kusintha msonkho ndi R120,000, imene ndi 20 peresenti ya R600,000. Malawi nayenso ali ndi lamulo lake la msonkho wa chuma cha masiye, ndipo ngati nyumbayo yalipiridwa msonkho wotere ku Malawi, South Africa imachotsera pa msonkho wake kuti katundu mmodzi asadulidwe kawiri. Apanso chofunika ndi lisiti.

Pa ngongole m'pamene mabanja amataya ndalama mosadziwa. Ngongole ya kubanki siivuta, sitetimenti ilipo. Koma ambiri a ife timakongozana pakamwa. Malemu anabwereka R150,000 kwa mlamu wawo kuti akonzere lole, aliyense m'banjamo akudziwa, koma palibe pamene analemba. Woyendetsa chuma sangangoichotsa chifukwa chakuti abale anena, ndipo ikakanidwa, mlamuyo akhoza kutaya ndalama zake, kapena ana kumubwezera kuchokera m'matumba mwawo atalipira kale msonkho wa R30,000 pa ndalama zimene sizinali zawo. Kapepala kosainidwa ndi onse awiri, kapena umboni wa kubanki wosonyeza kuti ndalamazo zinatumizidwa, kakanathetsa nkhani. Ndalama za maliro nazo zili ndi malire ake: zimachotsedwa pa mlingo umene akuluakulu a msonkho auona kuti ndi woyenera. Kunyamula thupi kuchokera ku Joni kudzera ku Zimbabwe ndi Mozambique mpaka kumudzi kumadya ndalama zambiri, ndiye amene akuyendetsa mwambo asunge malisiti onse, ngakhale mitima ili pa chisoni.

Vuto lalikulu koposa, komabe, silioneka m'masamu a msonkho. Bambo uja anasiya R300,000 yokha kubanki, ndipo akaunti imatsekedwa banki ikangodziwa za imfa. Ngongole, zoyendetsera ndi msonkho pamodzi zikufuna R1,820,000. Boma sililandira lole kapena chipinda cha nyumba, limafuna ndalama. Miliyoni ya inshuwalansi ija ikanathandiza, koma ili kale m'manja mwa ana. Woyendetsa chuma ali ndi mphamvu zowalipiritsa gawo la msonkho logwera pa inshuwalansiyo, pafupifupi R63,000, koma sangawakakamize kubweza ngongole za bambo awo ndi ndalamazo. Ana akapanda kugwirizana zothirapo ndalama, chotsatira n'kugulitsa malole, amene ndiwo ankadyetsa banja, kapena nyumba imene anthu akugonamo. Katundu wogulitsidwa mothamanga sapeza mtengo wabwino. Munthu akhoza kuona vutoli akadali moyo: aike ngongole zake zonse mbali imodzi, ndalama zimene zingapezeke msanga mbali inayo, aone ngati zikufikana. Ngati sizikufikana, ena amalembetsa kuti gawo la inshuwalansi lipite ku chuma cha masiye m'malo mopita kwa ana mwachindunji, ngakhale kuti kutero kumakweza malipiro a woyendetsa chuma.

Ndondomeko yake ili ndi masiku owerengeka. Imfa iyenera kunenedwa ku ofesi ya Masitala wa Khoti Lalikulu pasanathe masiku 14. Ofesiyo ndi imene imapereka kalata yopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chumacho, ndipo ngati chuma sichipitirira R250,000 pali njira yachidule. Woyendetsayo amalengeza m'nyuzipepala kuti onse amene malemu anali nawo ngongole abwere, n'kuwapatsa masiku osachepera 30. Kenaka amalemba ndondomeko yonse ya katundu, ngongole ndi magawidwe, imene imaikidwa poyera masiku 21 kuti wodandaula adandaule. M'bale amene akukayikira kuti katundu wina wabisidwa kapena kuti ngongole ina ndi yabodza, nthawi yake yolankhula ndi imeneyi. Msonkho umawerengedwa pa fomu ya REV267, ndipo uyenera kulipidwa pasanathe chaka chimodzi chimwalirireni munthuyo, kapena pasanathe masiku 30 kuchokera pamene a msonkho atulutsa chiwerengero chawo ngati achitulutsa chakacho chisanathe. Ukachedwa umabala chiwongoladzanja cha 6 peresenti pa chaka, chimene pa R320,000 ya bambo uja ndi R19,200 chaka chilichonse chimene abale akukanganabe za amene asaine.